Phindu lilipo koma dividendi palibe: chifukwa chake kampani imayamba yabweza zoluza zakale

Disembala akafika, magulu a banki m'khonde ku Lisungwi, kwa Chekucheku ndi kwa Dambe amatsegula bokosi n'kugawana. Amagawana zonse: masheya amene aliyense adaponya, chiwongoladzanja, ngakhale tindalama ta chindapusa cha ochedwa ku msonkhano. Bokosi limatsala lopanda kanthu ndipo palibe wodandaula, chifukwa gululo silikhala ndi ngongole kwa munthu wakunja. Ndalama ndi zawo, okongola ndi iwo omwe.

Munthu wozolowera zimenezi akagula masheya m'kampani amakumana ndi zodabwitsa. Chaka chatha, akauntanti walengeza kuti kampani yapanga phindu, koma a bodi akuti chaka chino kulibe dividendi. Ambiri amafulumira kuganiza kuti akuluakulu adya. Nthawi zina amakhala atadyadi. Koma kawirikawiri chifukwa chake chimakhala m'malamulo oteteza mpamba wa kampani, amene amati phindu la chaka chimodzi si ndalama zogawana ngati zoluza za zaka zam'mbuyo zikadali m'mabuku.

Gwero la nkhaniyi ndi mwayi waukulu umene boma limapatsa munthu wolembetsa kampani. Kampani ikagwa, mwini masheya amataya zokhazo zimene adaikamo. Okongoza sangabwere kunyumba kwake kudzatenga mbuzi kapena malata. Mlimi amene adapereka mbatatesi pa ngongole, banki imene idakongoza ndalama za lole, wantchito amene sanalandire malipiro, onsewa angathe kutsata chuma cha kampani chokha basi. Tsono ngati eni masheya atetezedwa chotere, pamafunika mtengo wake. Mtengowo ndi wakuti ndalama zimene adaika monga mpamba asazitulutsenso mwakufuna kwawo. Mpamba ukhoza kutha chifukwa malonda avuta, ndipo wokongoza aliyense amadziwa kuti zotere zimachitika. Chimene lamulo limakana n'chakuti mpambawo ubwerere m'matumba mwa eni ake okongoza asanalipidwe.

Makhoti a ku Mangalande, amene zigamulo zawo maloya a ku Malawi amazitchulabe pa nkhani za makampani, adakhazikitsa mfundoyi kalekale. Mu 1882, pa mlandu wodziwika ndi dzina la Flitcroft, madairekitala a Exchange Banking Company ankalemba m'mabuku ngongole zoti sizidzabwezedwa ngati kuti ndi chuma chenicheni. Potero mabuku ankaonetsa phindu lomwe kunalibe, ndipo ankagawa madividendi. Kampani itagwa, khoti lidawalamula kuti abweze ndalama zonsezo kuchokera m'matumba mwawo. Mu 1887, pa mlandu wa Trevor ndi Whitworth, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo lidati kampani siyingagule masheya ake omwe, chifukwa kutero n'kubwezera mwini masheya mpamba wake podzera kukhomo la kuseri.

Chodabwitsa n'chakuti makhoti omwewo adafewa pa funso la zoluza zakale. Mu 1918, pa mlandu wa Ammonia Soda ndi Chamberlain, oweruza adavomereza kuti kampani ikhoza kugawa phindu la chaka chino ngakhale isanabweze zimene idaluza zaka zam'mbuyo. Maganizo awo anali akuti mpamba umene udatayika udapita kale, ndiye sungabwezedwenso kwa eni masheya, ndipo chimene chikugawidwa ndi ndalama zatsopano. Akauntanti ambiri sadakhutire nazo. Padatenga zaka zoposa 60 kuti nyumba ya malamulo ya ku Britain itseke mpata umenewu, mu 1980. Lamulo lawo la makampani la 2006 likunenabe zomwezo: chogawidwa ndi phindu lonse lopezekadi kuyambira pamene kampani idayamba, kuchotsapo zoluza zonse ndi zimene zidagawidwa kale.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze kampani yongopeka ya anthu asanu pa Zalewa. Imagula manachesi kwa alimi a ku Neno ndi Mwanza, ndi mbatatesi zochokera kumapiri a kwa Dambe, n'kumakagulitsa ku Blantyre. Aliyense adaika K4 miliyoni, choncho mpamba wolembedwa ndi K20 miliyoni. Chaka choyamba chidali choipa: mvula idaononga msewu wa kumtunda, lole idafa injini, zipatso zidawolera panjira, ndipo kampani idaluza K9 miliyoni. Chaka chachiwiri idaluzanso K3 miliyoni. Chaka chachitatu zinthu zayenda, ndipo atachotsa msonkho patsala phindu la K8 miliyoni.

Anthu asanu aja adikira zaka zitatu osaona kanthu. Mmodzi akufuna fizi ya mwana, wina akufuna feteleza. Akuti tigawane K8 miliyoniyo, aliyense atenge K1.6 miliyoni.

Akauntanti amayang'ana mzere wina. Zoluza za zaka ziwiri pamodzi ndi K12 miliyoni. Phindu la chaka chino labwezako K8 miliyoni, ndiye kwatsala zoluza za K4 miliyoni. Mwa K20 miliyoni imene eni ake adaika, chuma chimene chatsala atachotsa ngongole zonse ndi K16 miliyoni. Akagawana K8 miliyoni ija, chitsala K8 miliyoni yokha, pamene mapepala a kampani akuuzabe dziko kuti mpamba wake ndi K20 miliyoni. Ngakhale atazitcha dividendi, ndalama zimenezo n'zochokera ku mpamba.

Maiko amayankha funsoli mosiyana. Pa lamulo lakale la Ammonia Soda, K8 miliyoni yonse ikadagawidwa, ndipo ku Delaware, kumene makampani ambiri akuluakulu a ku America adalembetsedwa, njira yofanana ndi imeneyi ikadalipo. Pa lamulo la ku Britain la lero, palibe ngakhale tambala yogawa. Lamulo la ku Mauritius la 2001 limanena mosabisa kuti dividendi ichokere ku phindu losungidwa, zoluza zakale zitayamba zabwezedwa. Dziko la South Africa lidatsata njira ina mu lamulo lake la 2008. Kumeneko safunsa kwenikweni ngati ndalamazo ndi phindu kapena mpamba. Amafunsa ngati kampani, itagawa, ikhalabe ndi chuma chosachepera pa ngongole zake, ndiponso ngati ithe kulipira ngongole zofika nthawi yake m'miyezi 12 yotsatira. Njira yoyeza mphamvu yobweza ngongoleyi idatchuka ndi lamulo la ku New Zealand la 1993.

Ku Malawi, Lamulo la Makampani la 2013, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2016 m'malo mwa lija la 1984, lidabweretsa muyeso womwewu wa mphamvu yobweza ngongole. Bodi ndiyo imavomereza kugawa, ndipo isanatero iyenera kukhutira kuti kampani ipambana muyesowo ndalamazo zitatuluka. Muyeso uli ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi yakuti kampani izitha kulipira ngongole zake pa nthawi yake m'kayendedwe ka tsiku ndi tsiku ka malonda. Yachiwiri imayerekeza chuma chonse cha kampani ndi zimene ikuyenera kubweza. Madairekitala ovomereza amasaina chikalata chotsimikiza kuti ayeza ndipo akhutira. Lamulo lomwelo lidasunga mpamba wolembedwa monga chinthu chimene sichitsitsidwa mwachisawawa, koma mwa ndondomeko yakeyake. Choncho bodi ya pa Zalewa imene ingagawe ndalama zodya mpamba, popanda kutsata ndondomekoyo, ikudziika pa mpeni.

Mbali yoyamba ija ndi imene imagwetsa ambiri, ndipo ndi imene eni masheya saiona msanga. Tibwerere ku mabuku a kampani yathu. Chuma chake chonse ndi K30 miliyoni. Lole, atachotsa kutha kwake, yalembedwa K10 miliyoni. Poloti ndi shedi ndi K5 miliyoni. Makasitomala a ku Blantyre amene adatenga katundu osalipira ali ndi K9 miliyoni, ndipo ku banki kuli K6 miliyoni. Ngongole zake ndi K14 miliyoni: K8 miliyoni ya banki, K4 miliyoni ya alimi, ndi K2 miliyoni ya msonkho ku MRA.

Apa paoneka poyera kuti phindu la K8 miliyoni silili mu akaunti. Ndalama zogwirika ndi K6 miliyoni. M'miyezi itatu ikubwerayi kampani iyenera kulipira alimi, msonkho, ndi magawo a ngongole ya banki okwana K1.5 miliyoni, zonse pamodzi K7.5 miliyoni. Isanagawe chilichonse, yaperewera kale ndi K1.5 miliyoni, ndipo ikudalira kuti makasitomala alipire. Dairekitala wosaina chikalata chakuti kampani ikhoza kugawa ayenera kuonetsa pepala la mwezi ndi mwezi la ndalama zolowa ndi zotuluka, osati kungoloza phindu la pa mapeto a chaka.

Ndiye pali funso la makasitomala aja. Tinene kuti mmodzi, amene ali ndi K3 miliyoni, watha miyezi isanu ndi itatu osayankha foni ndipo shopu yake ku Limbe idatsekedwa. Malamulo a kalembedwe ka mabuku amafuna kuti ngongole yokayikitsa chotere ichotsedwe pa phindu. Zikatero phindu la chaka latsika kufika pa K5 miliyoni, ndipo zoluza zotsala zakwera kufika pa K7 miliyoni. Bodi imene ingasiye K3 miliyoniyo m'mabuku kuti chaka chioneke chokoma ikuchita ndendende zimene adachita madairekitala a mlandu wa 1882 uja.

Boma la Neno lili ndi chitsanzo chachikulu cha kusiyana kwa phindu ndi ndalama zogwirika, pamtsinje wa Shire pamene limachita malire ndi Blantyre. Makina opangira magetsi a Nkula, amene gawo lawo loyamba lidatsegulidwa mu 1966, ndi a Tedzani, ali m'manja mwa EGENCO, kampani ya boma imene idayamba ntchito mu Januwale 2017 itapatulidwa ku ESCOM. EGENCO imagulitsa magetsi ake kwa ESCOM, ndipo kwa zaka zingapo nyuzipepala zakhala zikulemba za ngongole ya mabiliyoni ambiri imene ESCOM idali nayo kwa EGENCO, pamodzi ndi mkangano wa mmene ngongoleyo idawerengedwera. Magetsi akagulitsidwa amalembedwa monga ndalama zolowa ngakhale wogula asanalipire. Choncho kampani yotere ikhoza kuonetsa phindu pa pepala koma ilibe ndalama zokonzera makina kapena zochotsera matope ndi namasupuni padamu. Mwini masheya, amene pano ndi boma, amafuna dividendi yothandizira bajeti. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo a EGENCO opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kampani yodalira mtsinje umodzi ndi kasitomala mmodzi ili ndi zifukwa zomveka zoyezera kawiri isanatulutse ndalama.

Chinyengo china chimabwera mooneka bwino kwambiri. Mmodzi wa anthu asanu aja akhoza kunena kuti poloti ya pa Zalewa idakwera mtengo: idalembedwa K5 miliyoni koma lero ingagulidwe K12 miliyoni. Akutero n'zoona, chifukwa malo a m'mphepete mwa msewu wa M1 amakweradi. Ndiye akuti tilembe K7 miliyoni yowonjezerayo, ifafanize zoluza za K7 miliyoni, tigawane. Vuto n'lakuti palibe amene wagula polotiyo. Ndalamazo zili m'maganizo a woyeza mitengo, ndipo mlimi sangalipidwe nazo. N'chifukwa chake akauntanti amaziika pa mzere wapadera, osazisakaniza ndi phindu losungidwa, ndipo lamulo la ku Britain limakaniratu kugawa phindu losapezekadi. M'dziko limene kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kukwera kwambiri kwa mitengo ya nyumba ndi malo sikutanthauza kuti kampani yalemera. Nthawi zambiri ndi kwacha imene yachepa mphamvu.

Kugwa kwa kwacha kumalumanso mbali inayo. Kampani imene ili ndi ngongole ya madola imadzuka m'mawa ngongoleyo itakula m'makwacha, ndipo kukulako kumalembedwa monga kuluza ngakhale malonda akuyenda bwino. Makampani a mafoni a TNM ndi Airtel Malawi, onse a pamsika wa masheya wa ku Blantyre, adatseka chaka cha 2023 ataluza, pamene anthu sadasiye kugula mayunitsi. Apa akauntanti sachita chilungamo chofanana mbali zonse, ndipo amatero mwadala: kuluza koyembekezeka kumalembedwa msanga, pamene kukwera kwa mtengo wa malo kumadikira mpaka atagulitsidwa kuti kukhale kogawika.

Nkhani ya banki ya NBS imaonetsa ulendo wonse. Bankiyi, yomwe mwini wake wamkulu ndi NICO Holdings, idaluza ndalama zoposa K4 biliyoni mu 2016 ndi pafupifupi K1 biliyoni mu 2017. Mu 2017 momwemo idapempha eni masheya kuti agule masheya atsopano, ndipo idapeza K11.8 biliyoni. Mu 2018 idayambanso kupanga phindu, koma linali lochepa poyerekeza ndi zimene idaluza m'zaka ziwiri zija. Eni masheya adakhala zaka zingapo osalandira dividendi, ndipo idabwerera phindu litakula m'zaka zotsatira.

Pali phunziro la kalembedwe ka mabuku m'nkhaniyi limene ambiri amaliphonya. Ndalama zatsopano za eni masheya zimalowa pa mzere wa mpamba. Zimalimbitsa kampani, zimathandiza kulipira ngongole, koma sizifafaniza zoluza zakale, chifukwa izo zili pa mzere wina. Anthu asanu a pa Zalewa atawonjezera K10 miliyoni, mpamba ukhala K30 miliyoni ndipo zoluza zikhalabe pomwepo. Kukadakhala kuti mpamba watsopano umatsegula khomo la dividendi, bwenzi kampani ikutenga ndalama kwa obwera kumene n'kumalipira akale, zomwe ndi mchitidwe wa mabizinesi achinyengo aja amene amagwa akasowa olowa atsopano.

Mabanki alinso ndi mlonda wachiwiri. Mu Januwale 2014 Reserve Bank of Malawi idayamba kutsata ndondomeko ya Basel II, imene imafuna kuti mpamba weniweni wa banki usachepere 10 peresenti ya ngongole ndi katundu wake woyezedwa malinga ndi chiopsezo, ndipo mpamba wonse usachepere 15 peresenti. Banki yoperewera pamenepa siloledwa kugawa, kaya eni masheya akwiye bwanji. Chifukwa chake n'chosavuta: okongoza a banki ndi anthu osunga ndalama, monga mphunzitsi wa ku Matope amene malipiro ake amadzera ku akaunti. Makopaletivi nawo ali ndi lamulo lawo, la 1998, limene limafuna kuti gawo la zotsala za chaka lisungidwe kaye m'thumba lapadera mamembala asanagawane.

Nanga anthu asanu aja atani? Njira yoyamba ndi kudikira. Ngati chaka chachinayi chibweretsa K8 miliyoni ina, K7 miliyoni ibweza zoluza ndipo K1 miliyoni ikhala yoyamba kugawika, ngati ndalama zogwirika zilipo. Pa dividendiyo kampani idula msonkho wa 10 peresenti n'kupereka ku MRA. Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimasokoneza ambiri. Malamulo a msonkho amalola kampani kuchotsa zoluza zakale pa phindu la zaka zotsatira powerengera msonkho, kwa zaka zosapitirira zisanu ndi chimodzi. Zaka zimenezo zikatha, mwayi wa msonkho umatha, koma zoluza za m'mabuku a kampani sizikalamba. Zimakhalabe mpaka phindu litazibweza.

Njira yachiwiri ndi kutsitsa mpamba wolembedwa. Eni masheya amavomereza poyera kuti K7 miliyoni idapita ndipo siyibweranso, n'kutsitsa mpamba kuchoka pa K20 miliyoni kufika pa K13 miliyoni. Palibe ndalama imene imatuluka. Mizere iwiri ija imangofafanizana, ndipo phindu la chaka chotsatira limakhala logawika kuyambira pa tambala yoyamba. Izi zimafuna chigamulo chapadera cha eni masheya, chovomerezedwa ndi mavoti osachepera 75 peresenti, ndipo zimalembedwa ku ofesi yolembetsa makampani kuti aliyense wofuna kukongoza adziwe kuti mpamba tsopano ndi wocheperapo. Ndi njira yachilungamo, chifukwa imachita poyera chimene dividendi yosaloledwa imachita mobisa. Koma banki imene idakongoza K8 miliyoni ikhoza kukhala kuti idalemba kale mu mgwirizano kuti mpamba usakhudzidwe ndipo dividendi isatuluke popanda chilolezo chake. Bodi yanzeru imayamba yawerenga mgwirizanowo.

Njira yachitatu ndi imene makampani ang'onoang'ono ambiri amatsata osaitchula dzina. Dividendi yakanika, ndiye mmodzi akutenga K2 miliyoni monga ngongole ya dairekitala imene aliyense akudziwa kuti siyidzabwezedwa. Wina akulembetsa mkazi wake pa malipiro koma sagwira ntchito. Wina akugula lole ya K10 miliyoni pa K4 miliyoni. Malipiro a ntchito yeniyeni ndi ololedwa ngakhale kampani ikuluza, chifukwa woyendetsa lole ayenera kudya. Koma makhoti amayang'ana chimene chachitikadi, osati dzina limene chapatsidwa. Pa mlandu wa Aveling Barford ndi Perion mu 1989, kampani imene inalibe phindu logawika idagulitsa malo ake motchipa kwambiri kwa kampani ina ya mwini yemweyo, ndipo khoti la ku Mangalande lidati uko kunali kubweza mpamba mobisa. Pa lole ya pa Zalewa, K6 miliyoni ya kusiyana kwa mitengo ndiyo ingaonedwe monga yogawidwa.

Kodi malamulowa amatetezadi wokongoza? Ofufuza za malamulo akhala akutsutsana kwa nthawi yaitali, ndipo otsutsa ali ndi mfundo zolimba. Munthu akhoza kulembetsa kampani ndi mpamba wochepetsetsa, ndiye mzere woti usadutsidwe umakhala pansi penipeni. Kukwera kwa mitengo kumadyanso tanthauzo la nambalayo: K20 miliyoni imene idagula lole zaka zisanu zapitazo lero siyingagule lole yomweyo. Komanso kampani ikhoza kukhala ndi phindu logawika m'mabuku koma ili pafupi kugwa. Carillion, kampani yaikulu ya zomangamanga ku Britain, inkalipirabe madividendi mu 2017 ndipo idagwa mu Januwale 2018, m'dziko lomwe lili ndi lamulo lokhwima lija. N'chifukwa chake maiko ena adasankha kuyeza mphamvu yobweza ngongole.

Koma muyeso wa mphamvu yobweza ngongole, ukakhala wokha, umadalira kulosera kwa madairekitala, ndipo m'kampani yaing'ono madairekitala ndi eni masheya ndi anthu omwewo. Wofuna fizi ya mwana ndiye akuyenera kulosera ngati kasitomala wa ku Limbe alipire. Kulosera kwake kudziwika kale kumene kupendekere. Lamulo loyamba kubweza zoluza ndi louma, koma ubwino wake ndi wakuti silifuna kulosera: nambala ili pa pepala, ndipo aliyense wodziwa kuchotsera angaione. Kwa kampani ya kumudzi, miyeso iwiriyi imafunika yonse pamodzi. Banki imadziteteza yokha ndi chikole cha lole ndi poloti. MRA ili ndi mphamvu zake. Wotsala pambalambanda ndi mlimi wa kwa Dambe amene adapereka matumba 40 a mbatatesi pa mawu apakamwa, ndipo malamulo a mpamba ndi pafupifupi chitetezo chokhacho chimene ali nacho, ngakhale sadawamvepo.

Dividendi ikatuluka molakwika, nkhani siithera pomwepo. Lamulo la 2013 limalola kampani kuitanitsa ndalamazo kwa amene adalandira. Mwini masheya wamba amene adalandira mosadziwa kanthu ali ndi podzitetezera, koma anthu asanu amene adakhala pa tebulo limodzi n'kuona mabuku sangati sankadziwa. Zimene sizingabwezedwe ndi eni masheya zimagwera madairekitala amene adasaina chikalata popanda zifukwa zomveka. Kawirikawiri woitanitsa sakhala mnzawo wa pa bodi. Amakhala munthu woikidwa kuti atseke kampani ikagwa, amene ntchito yake ndi kusonkhanitsa chilichonse chopezeka kuti alipire okongoza, ndipo amayamba ndi kuwerenga maminitsi a misonkhano ya bodi.

Mwini masheya wofuna kudziwa pamene kampani yake yaima asayambire pa tsamba la phindu la chaka. Atsegule tsamba loonetsa chuma ndi ngongole, apeze gawo la eni masheya, ayang'ane mzere wa phindu losungidwa. Nambala ikakhala m'mikutiramawu kapena ili ndi chizindikiro chochotsera, ndiye kuti ndi zoluza zimene sizinabwezedwe. Kenako ayerekeze ndalama za ku banki ndi ngongole zofika chaka chisanathe, afunse kuti makasitomala osalipira akhala miyezi ingati, ndipo aone ngati oyendera mabuku alembapo chenjezo lokayikira kuti kampani ipitiriza ntchito. Pa kampani ya pa Zalewa, mafunso amenewa akuonetsa zoluza za K7 miliyoni, ndalama za ku banki zoperewera ndi K1.5 miliyoni pa ngongole za miyezi itatu, ndi makasitomala a K6 miliyoni amene ayenera kulipira alimi asanayambe kugogoda pa geti.